Mapositi asanu olipiridwa anatuluka opanda lebulo pa shedulo yathu: lipoti la zomwe zinachitika

Meseji inandipeza Lolemba m'mawa ndili mu minibasi yochokera ku Chirimba, tisanafike nkomwe ku depoti ya Wenela. Bwana wa maketing'i wa kampani ina ya mafuta ophikira anatumiza sikirinishoti pa WhatsApp, pansi pake analemba mawu ochepa chabe: "Achimwene, lebulo ili kuti?" Ndinaikulitsa ndi zala sikirinishotiyo, ndikuona Reel ya pa Instagram ya mandasi yomwe inatuluka Loweruka 6 koloko madzulo, botolo lawo la mafuta lili poyera pa tebulo, koma pansi pa dzina la akaunti palibe lebulo yosonyeza kuti positiyi ndi yolipiridwa, mu kapushoni namonso mulibe kanthu. Munthu wongodutsa akanati mayi eni akauntiwa angowakonda okha mafutawa.

Ndifotokoze kaye ntchito yanga. Ndimayendetsa masamba a anthu anayi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mayi wina wa ku Namiwawa amene amapanga mavidiyo a zophikaphika, futali, chambo cha makala, zitumbuwa, zigumu, zoterozo. Iwo amajambula, ine ndimakonza makapushoni, kuika nthawi, kenako ndimakweza zonse kamodzi pa pulogalamu ina yoshedula yomwe timalipira pamwezi. Pulogalamuyo sinditchula dzina chifukwa sinalakwe kanthu, inachita zomwe ndinaiuza. Mwezi wonse timaulemba pa shiti ya Google Sheets, mzere umodzi positi imodzi, nthawi zambiri mizere 40 ndi kanthu, ndiye ndimaitulutsa ngati fayilo ya CSV nkuikweza pa pulogalamu ija. Njira imeneyi ndi imene inandipulumutsa ku nkhani ya magetsi ndi netiweki, chifukwa positi imatuluka yokha ngakhale foni yanga itazima.

Kontirakiti ndi a mafutawa inali ya masabata asanu ndi limodzi: mapositi 6 pa Instagram, aliyense apitenso pa Facebook, kuphatikiza mavidiyo 2 pa TikTok. Munalinso mfundo ziwiri zomwe ndinawerenga koma sindinazisamutsire pa shiti. Yoyamba inkati positi iliyonse ikhale ndi lebulo ya pulatifomu yosonyeza kuti ndi yolipiridwa, yachiwiri inkati mayi asatsatse mafuta a kampani ina mpaka kontirakiti itatha.

Positi yoyamba inatuluka bwinobwino, ndipo ndi imene inatinamiza. Tsiku limenelo ndinali kunyumba kwa mayi, tinapositira limodzi pa manja, tinayatsa batani la Add paid partnership label, tinasankha akaunti ya kampaniyo, iwo anali atativomereza kale kumbali kwawo, ndiye pansi pa dzina panaoneka Paid partnership with ndi dzina lawo. Ya pa Facebook tinaipanganso pa manja tsiku lomwelo. Aliyense anasangalala, ine mumtima ndinangoti ndiye kuti zatheka, zotsalazo zilowe mu shedulo ngati mapositi ena onse. Apa ndi pomwe ndinagwera.

Zomwe ndinapeza nditatsegula laputopu

Nditafika pa kaofesi komwe timagawana lendi ku Ginnery Corner chinthu choyamba ndinaimitsa mzere wonse wa mapositi a mayiwa, onse ngakhale osalipiridwa, chifukwa sindinkadziwa kuti bowo lili pati. Kenako ndinabwereka foni ya mnzanga wa pa desiki ina yemwe alibe chochita ndi akauntiyo, kuti ndione zomwe munthu wamba akuona. Izi ndimazichita mpaka lero. Chithunzi chomwe pulogalamu yoshedula imakuonetsa usanapositi ndi chongoyerekeza, sichikuuza ngati lebulo itulukadi.

Ndinawerenga: pa Instagram awiri opanda lebulo, pa Facebook awiri omwewo, pa TikTok imodzi. Asanu. Ya pa Instagram yakale kwambiri inali itakhala masiku 9 chonchi.

Chinandizunguza mutu ndi chakuti ndinkakumbukira bwinobwino kuti ndinalemba #ad, kusonyeza kuti ndi malonda, mu makapushoni onse olipiridwa. Ndinatsegula shiti, kolamu ya kapushoni yomwe ndimalembamo, #ad ilimo ndithu, kumapeto, limodzi ndi mahashitagi ena a zakudya. Ndiye yapita kuti? Ndinatsikira mu makomenti a Reel ya mandasi ija nkuipeza ili phee mu komenti yoyamba, pakati pa mahashitagi khumi ndi awiri, ndipo komentiyo inali itakwiriridwa kale ndi makomenti a anthu ofunsa kuti yisiti aike wochuluka bwanji.

Chomwe chinachitika ndi ichi. Chaka chathachi mayi anadandaula kuti mahashitagi akudetsa kapushoni, nde ine mwa nzeru zanga ndinapanga fomula pa shiti yomwe imadula kapushoni pa chizindikiro cha # choyamba, za kutsogolo zimapita mu kolamu ya kapushoni yeniyeni, za kumbuyo zimapita mu kolamu ya komenti yoyamba, pulogalamu nkumaponya yokha komentiyo positi ikangotuluka. Fomula siidziwa kusiyana kwa #ad ndi #mandasi, kwa iyo zonse ndi zinyalala zokataya kumbuyo kwa nyumba. Inagwira ntchito yake miyezi yambirimbiri popanda vuto chifukwa nthawi yonseyo panalibe positi yolipiridwa yomwe inadutsamo.

Ndipo tinene zoona, ngakhale fomula ija pakanapanda, #ad yanga inali pa malo olakwika kale. Pa Instagram kapushoni imadulidwa pakangotha mizere iwiri kapena kuchepera apo, zilembo pafupifupi 125 pa positi wamba, pa Reel ndiye zochepa kuposa apo, zotsalazo zimabisala kuseri kwa more. Ndi angati amadina more pa vidiyo ya mandasi? Ndiye chinthu chomwe waika pa mzere wa 8 pambuyo pa resipi yonse ndi chimodzimodzi sunalembe.

Batani lomwe palibe analiyatsa

Vuto lachiwiri ndi lomwe bwana uja ankafunsa kwenikweni, lebulo ya pulatifomu. Iyi si mawu omwe umalemba mu kapushoni, ndi batani lomwe limayatsidwa pa positiyo payokha. Shiti yanga inali ndi makolamu a tsiku, nthawi, fayilo, kapushoni, komenti yoyamba, basi. Panalibe kolamu yoti iuze pulogalamu kuti iyi ndi yolipiridwa, ndipo njira yomwe tinkakwezera ya CSV pa pulogalamu yathuyo inalibe malo olandirira zimenezo pa Instagram. Ndiye positi imatuluka yokha nthawi yake ikakwana koma ili maliseche. Palibe meseji ya vuto yomwe imabwera, pa dashibodi pamangoonetsa kuti yatuluka bwino, chobiriwira, ndipo ndi choopsa chake chimenecho. Positi ikakanika kutuluka umadziwa pompo chifukwa foni imalira, koma ikatuluka yopanda lebulo makina amaiwerengera kuti zayenda.

Mapulogalamu oshedula amasiyana pa nkhaniyi, komanso zomwe amatha zimasintha pakapita nthawi, choncho osakhulupirira zomwe mnzako wakuuza kapena zomwe zalembedwa pa tsamba lawo lotsatsira. Njira yomwe ndimayesera ine ndi yophweka: kushedula positi imodzi yeniyeni yolipiridwa kudzera njira yomweyo yomwe ena onse adzadutse, kukhala pafupi ikamatuluka, nkuiona pa foni ya munthu wina. Ngati ukweza ndi CSV yesa ndi CSV, osati kuyesa polemba pa manja mu pulogalamu kenako nkumaganiza kuti CSV nayo ichita chimodzimodzi. Ndipo chithunzi, Reel ndi Story uyese chilichonse pachokha.

Pali chinthu china chomwe chinandidabwitsa pokambirana ndi a kampaniwo. Mtsikana wina wa mu timu yawo anati, bwanji mungotiika ngati kolabo, dzina lathu lizioneka pamwamba limodzi ndi la mayi, nkhani ithe? Amanena za Invite collaborator. Anthu ambiri mu tauni muno amasokoneza ziwirizi. Kolabo imangopangitsa kuti positi ioneke pa maakaunti onse awiri ndipo maina aoneke limodzi, koma siuza woonera kuti panadutsa ndalama. Abwenzi awiri amapanga kolabo, kwaya ndi woimba amapanga kolabo. Lebulo ya Paid partnership ndi ina, ndipo malamulo a Meta, eni ake a Facebook ndi Instagram, a zomwe amazitcha Branded Content amafuna imeneyo paliponse pomwe pali kusinthana kwa phindu. Kungotaga kampani mu chithunzi kapena kulemba kuti zikomo a kampani yakuti nakonso sikulowa m'malo mwake.

Za Facebook sindichedwapo. Pulogalamu imaitumiza ngati positi ina payokha, ndiye chilichonse chomwe wakonza pa Instagram sichifika kumeneko, uyenera kukakonzanso.

TikTok ndiye inatipweteka. Kumeneko kuli batani la Disclose commercial content, ukaliyatsa umasankha pakati pa Your brand ndi Branded content. Loyambalo ndi la munthu amene akutsatsa bizinesi yake yomwe, monga mayi akamalengeza makalasi awo a kuphika, ndipo lebulo imatuluka ya Promotional content. Lachiwirilo ndi la pomwe ukutsatsira kampani ina, lebulo yake ndi Paid partnership. Pulogalamu yathu inali nalo batani limeneli pa mbali ya TikTok ukamalemba positi pa manja, koma mapositi obwera ndi CSV ankalowa lili lozima, ndipo ine sindinatsegule ndi imodzi yomwe kuti ndione. Chowawa kwambiri chinali nyimbo. Vidiyo yamalonda pa TikTok imayenera kugwiritsa ntchito nyimbo za mu Commercial Music Library kapena zomwe uli ndi chilolezo chake, pomwe mayi anali ataika kale mu vidiyomo nyimbo ina yomwe inkavuta nthawi imeneyo mu maminibasi monse. Ndiye sikunali kungowonjezera lebulo ayi, vidiyo yonse inali yosayenera kukhala yamalonda mmene inalili.

Kukonza zomwe zinatuluka kale

Ndinawaimbira mayi nthawi ya 10. Ndinayamba ndi kupepesa, ndinati mayi zalakwika ndipo wolakwa ndine. Anakhala chete kanthawi kenako anafunsa funso lomwe ndinkaliyembekezera: "Ndiye atilipira koma?" Ndinati sindikulonjeza, tiyeni tikonze kaye.

A pa Instagram anali osavuta, positi ikatuluka umatha kuisintha. Ndinalowa pa Edit, ndinayatsa lebulo, ndinasankha kampani, dzina linaoneka nthawi yomweyo poti anali atativomereza kale. Akakhala kuti sanakuvomereze lebulo imaoneka yopanda dzina lawo mpaka atavomera, nchifukwa chake nkhani ya chivomerezo ndimaimaliza tsiku losainira kontirakiti osati tsiku lopositi, chifukwa amene amagwira akaunti ya kampani Loweruka madzulo sumupeza, ali ku ukwati. Ndinasinthanso makapushoni kuti mawu oyamba akhale olengeza. Pa Facebook chimodzimodzi. Ya TikTok tinaichotsa, mayi anatulutsanso vidiyo yopanda nyimbo ija, yongokhala ndi mawu awo ndi phokoso la mafuta mu chiwaya, tinaipositi pa manja Lachiwiri batani lili loyatsa. Mavyuzi onse a yoyamba ija anapita, ndipo yachiwiriyo sinafikepo pomwe inafika inzake. Mayi sanandikalipire, anangoti "nyimbo ija ndi imene inkakoka anthu," zomwe zinandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Chimodzi chomwe sindinadzinamize nacho: kuika lebulo patatha masiku 9 sikubweza kanthu. Anthu ambiri amaona positi masiku oyambirira, ndiye omwe anaona mandasi aja anaona opanda lebulo, basi. Ndinawalembera a kampani imelo yonena positi iliyonse, nthawi yomwe inatuluka, nthawi yomwe ndinaikonza, ndi masikirinishoti a kale ndi a tsopano. Tinagwirizana kuti mayi awonjezere Reel imodzi yaulere kumapeto kwa kontirakiti. Ndalama yojambulira tsiku limenelo, ufa, shuga, makala, thiransipoti ya mnyamata wa kamera, inachoka pa malipiro anga a mweziwo.

Bwana uja anandifotokozera chifukwa chomwe anakwiyira chonchi. Ena mwa mapositiwo ankafuna kudzawaikira ndalama kuti afike kwa anthu ambiri ngati malonda a pa dzina la mayi, komanso lebuloyo ndi imene imawalola kuona manambala a positi kumbali kwawo popanda kudikira masikirinishoti athu. Komanso a zamalamulo ku kampani kwawo salola zosewera. Kuno kwathu bungwe la CFTC ndi lomwe limaona nkhani za malonda osocheretsa ogula, ndipo lamulo lomwe amagwirira ntchito linakonzedwanso mu 2024 kulowa m'malo mwa la 1998. Makampani omwe ali ndi likulu kunja amatengeranso zomwe amanena mabungwe oona za malonda a FTC ku Amerika ndi ASA ku Mangalande, zoti kulengeza kuzikhala poonekera osati kuseri kwa more kapena pakati pa mulu wa mahashitagi, ndiponso mawu odulidwa ngati sp kapena spon sakwanira. A FTC amanenanso kuti batani la pulatifomu palokha usalidalire kuti lakwanira, komanso kuti ulengeze mu chilankhulo chomwe positiyo ili. Mfundo yomalizayi inandigwira, chifukwa mayi amalankhula Chichewa mu mavidiyo awo onse, ndipo azimayi ambiri omwe amawatsatira ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, mawu akuti ad sawauza kanthu.

Chomwe chinatsala pang'ono kutimaliza

Madzulo a Lolemba lomwelo ndisanatsegulenso shedulo ndinati ndione mapositi onse omwe akudikira, mmodzimmodzi. Pulogalamu yathu ili ndi mbali yobwereza mapositi akale omwe anachita bwino, umawaponya mu nkhokwe ina yake nde ikapeza mpata wopanda kanthu imatolamo imodzi nkuitulutsanso. Ndinaidzaza kalekale ndi mavidiyo okwana 30 osaganiza zambiri, ndinangosankha omwe anali ndi malaiki ambiri. Pa mpata wa Lachinayi 12 koloko masana panali vidiyo ya chipisi ya chaka chatha. Nditaitsegula thukuta linatuluka ngakhale kunali chiperoni: inali yolipiridwa ndi kampani ina ya mafuta ophikira, opikisana nawo enieni a omwe tili nawo pa kontirakiti.

Ikanatuluka zikanakhala zolakwa ziwiri pakamodzi. Kuphwanya mfundo ija yoti asatsatse mafuta ena, komanso malonda opanda lebulo, chifukwa pulogalamu ikamabwereza imatenga fayilo ndi kapushoni nkupanga positi yatsopano, lebulo ya positi yakale ija siyenda nayo. Ndipo kontirakiti kutha sikuti vidiyoyo yasanduka maganizo a mayi aulere, inajambulidwa ndi ndalama za eni ake ndipo mawu omwe ananenamo anagwirizana ndi kampaniyo. Nditafufuza nkhokwe yonse ndinapezamo ena atatu a mtundu omwewo, imodzi ya zokometsera ndiwo inali itabwerezedwa kale kawiri pa Facebook ine osadziwa, yopanda chilichonse cholengeza. Ndinaichotsa yonse.

Momwemo ndinapezamonso vidiyo ya mapoto. Shopu ina ya ku Limbe inawapatsa mayi seti ya mapoto ulere, iwo anaphikira mpunga nkuwayamikira pa vidiyo. Nditawauza kuti nayonso imafunika lebulo tinakangana ndithu. Anati, "Mwana wanga, sanandipatse ndi tambala yomwe, ndilembe bwanji kuti andilipira? Anthu aziti ndikudya ndalama pomwe ndangolandira mapoto." Ndimawamvetsa, kwathu kuno mphatso ndi mphatso, munthu akakupatsa chinthu umathokoza pagulu, ndi ulemu. Koma shopu siinapereke mapoto chifukwa cha chibale, inapereka kuti aoneke pa vidiyo, ndipo malamulo a Meta amawerengera katundu waulere ngati phindu. Ndinawafunsa kuti mayi wa ku Zingwangwa amene akagule mapotowo chifukwa cha inu, atadziwa kuti inu munalandira ulere angawaone chimodzimodzi? Sanayankhe, koma anavomera kuti tizilemba kuti ndi mphatso, bola tisalembe kuti alipiridwa.

Mmene shiti ilili pano

Sindinasiye kushedula, ntchito ya anthu anayi pa manja singatheke. Chomwe ndinasintha ndi chakuti nkhani ya lebulo isamakhale mmutu mwanga, izikhala pa mzere wa positiyo kuyambira tsiku lomwe mzerewo walembedwa. Ndinawonjezera makolamu atatu. Kolamu F imafunsa kuti pa positiyi talandirapo chani, ndipo mayankho ndi anayi okha osankha pa kamndandanda: ndalama, mphatso, komishoni, ayi. Komishoni ndi ya zija za kodi ya kuchotsera mtengo kapena linki yomwe mayi amapezapo kenakake munthu akagula. Kolamu G imanena njira yotulutsira, yokha kapena manja. Kolamu H imanena ngati positiyo ili yololedwa kulowa mu nkhokwe yobwereza, eya kapena ayi. Kapushoni yomalizidwa, ija yodulidwa kale ndi fomula ya mahashitagi, ili mu kolamu D. Kenako kumapeto kuli mlonda:

```
=IF(F2="ayi","PITA",IF(AND(F2<>"",LEFT(D2,9)="Malonda |",G2="manja",H2="ayi"),"PITA","IMA"))
```

Tanthauzo lake ndi lakuti ngati sitinalandirepo kanthu mzere upite. Ngati talandirapo, upite pokhapokha kapushoni ikuyamba ndi mawu akuti Malonda ndi kamzere koimirira, njira yake ndi ya manja, ndipo siikubwerezedwa. Zina zonse IMA, ndipo selo imafiira. Chomwe ndimaikondera fomulayi ndi chakuti ukaiwala kudzaza kolamu F, mzere umaima. Poyamba ndinailemba mozondoka, yoti iziimitsa pokhapokha yaona mawu akuti ndalama, ndiye selo yopanda kanthu inkadutsa ngati yosalipiridwa, komwe ndi kuiwala komwe kuja kunatigwetsa. Ndinaitembenuza usiku womwewo. Taonaninso kuti ikuyang'ana kolamu D osati momwe ndimalembamo poyamba, chifukwa chofunika ndi chomwe chikupita kunja osati chomwe ine ndinalemba. Ku CSV kumapita mizere ya PITA yokha.

Kapushoni yolipiridwa pano imayamba chonchi: Malonda | Ad, kenako chiganizo chimodzi chonena kuti vidiyoyi yalipiridwa ndi kampani yakuti, resipi nkumabwera pambuyo. Ya mphatso imayamba chimodzimodzi koma chiganizocho chimati mapotowa ndapatsidwa ulere ndi shopu yakuti. Palibe # pa mawu amenewa, dala, kuti fomula ya mahashitagi isawagwirenso. Ndipo mayi amanenanso ndi pakamwa mu masekondi oyambirira a vidiyo, kuti lero tikuphika ndi mafuta akuti ndipo atilipira kuti tikuonetseni, komanso timaika mawu pa vidiyo penipenipo. Izi ndi zomwe zimapulumuka vidiyo ikatsitsidwa nkuyamba kuzungulira mu magulupu a WhatsApp a kumpingo ndi a banki mkhonde, komwe kulibe kapushoni kapena batani lililonse. Pa Story kachidutswa kalikonse kamakhala ndi lebulo yake, poti munthu atha kulowera pa kachitatu.

Njira ya manja ija sikuti positi imachoka mu shedulo. Imakhalabe pa kalendala pa nthawi yake, koma m'malo motuluka yokha pulogalamu imatumiza notifikeshoni pa foni, ine ndimatsegula, fayilo ndi kapushoni zili kale, ndimayatsa lebulo, kusankha kampani, kupositi. Mphindi zitatu kapena zinayi. Pakatha mphindi khumi ndimaona pa foni ina, kujambula sikirinishoti yoonetsa lebulo ndi mzere woyamba wa kapushoni, nkuika linki yake pa mzere womwewo pa shiti. Masikirinishoti amenewa ndi amene pano amapita limodzi ndi invoyisi, ndipo a akaunti ku kampani kuja anasiya kundibwezera mafunso.

Malire ake ndiwanene. Fomula imangodziwa zomwe munthu walemba, ngati mayi alandira katundu nkusandiuza, kolamu F idzati ayi ndipo mlonda adzatsegula geti ndi ulemu wonse. Nchifukwa chake Lamlungu lililonse madzulo ndisanakweze za sabata ndimawafunsa pa voisi noti funso limodzi lomwelomwelo, mu mavidiyo awa muli chomwe mwapatsidwa kapena kulonjezedwa? Poyamba ankaseka, pano amayamba okha kundiuza. Fomula siionanso ngati batani layatsidwadi, imeneyo ndi ntchito ya maso pa foni yachiwiri ija. Ndipo njira ya manja yabweretsanso vuto lomwe ndinkalithawa poyamba paja, loti positi ikudalira foni yanga.

Zinaoneka pa positi yachisanu ya kontirakiti yomweyo. Inali ya 6 koloko Lachisanu, magetsi anali atapita kuyambira masana, foni inandizimira ndili pa mzere wa magalimoto pa Chichiri. Ndinakafika kwa mlamu wanga ku Chitawira nkuchajira pa batire ya galimoto, positi inatuluka 7 koloko itadutsa ndi mphindi 20. Mayi anali ataimba kanayi. Nditawaimbira anati, "Nanga shedulo yanu ija ntchito yake nchani ngati mpaka muchite kuthamangira kwa alamu anu?" Ndinawauza kuti yatuluka mochedwa koma lebulo ilipo. Sabata yotsatira tinaika pulogalamuyo pa foni yawonso kuti notifikeshoni izilira kuwiri, ndipo ndinakhala nawo pa khonde ola lathunthu kuwaonetsa komwe batani lili, iwo akulemba masitepe ake ndi bolopeni kuseri kwa buku lawo la maresipi.